Malita 100 a dizilo: kalata ya mlandu ndi kaundula wa zokambirana pa famu ina ya ku Chigwa cha Shire

Ndimagwira ntchito yoona za antchito pa famu ina ya ulimi wothirira yomwe ili pakati pa Nchalo ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Famuyi imalima chimanga cha mbewu ndi nyemba m'nyengo yachilimwe, ndipo madzi imakoka ndi pampu yoyendera dizilo. Nkhani ino ndi ya bambo wina woyang'anira pampuyo, yemwe anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi popanda chenjezo lililonse, ndipo mu Okutobala 2024 anaganiziridwa kuti waba mafuta. Ndikuilemba chifukwa mmene mlanduwu unathera zinadalira kwambiri mapepala awiri: kalata yomuuza mlandu wake, ndi kaundula wa zimene zinayankhulidwa pamene komiti inamumva.

Lolemba pa 21 Okutobala, kapitawo wa kumunda ndi kalaliki wa sitolo anayeza mafuta m'madiramu monga amachitira pakatha milungu iwiri iliyonse. Pa kuyeza kwa pa 7 Okutobala munali malita 400. Buku la mafuta limasonyeza kuti kuchokera tsiku limenelo anatulutsamo malita 220, choncho mumayenera kutsala 180, koma anapezamo 80 okha. Inali nthawi imene mafuta ankasowa m'dziko muno, anthu akugona pamizere, ndipo aliyense ankadziwa kuti chigubu cha dizilo chimagulidwa msanga pamsika wamseri. Mwina n'chifukwa chake palibe amene anataya nthawi kufunsa mafunso. Kiyi wa kanyumba ka mafuta amasunga ndi woyang'anira pampu, basi wakuba ndi yemweyo.

Tsiku lotsatira a manijala a famu anandionetsa kalata yomwe anali atailemba kale m'Chingerezi, kuti ndiidinde ndi kuisunga m'failo. Inali ya mizere inayi. Imanena kuti bamboyo waba mafuta a kampani ndipo wasonyeza khalidwe losakhulupirika, kuti waimitsidwa ntchito popanda malipiro, ndiponso kuti abwere mawa lake m'mawa kudzamva chigamulo cha akuluakulu. A manijala anali ndi maganizo oti akangomuchotsa apite naye kupolisi.

Ndinawapempha kuti kalatayo isatuluke, ndipo ndinawafotokozera zifukwa zake molingana ndi Lamulo la Ntchito la 2000. Gawo 57 la lamuloli limanena zinthu ziwiri: pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso munthu asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera. Gawo 61 limasenzetsa bwana udindo wosonyeza chifukwacho, ndi wosonyezanso kuti anachita mwachilungamo. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya zantchito ya boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imatha kupita ku Khoti la Milandu ya Zantchito. Kumeneko sakafunsa ngati a manijala ankakhulupirira mumtima mwawo kuti munthuyo ndi wakuba. Adzafuna kuona chimene munthuyo anauzidwa, nthawi imene anapatsidwa, ndi chimene anayankha. Kalata yoitana munthu kudzamva chigamulo ndi umboni wolembedwa ndi dzanja la bwana mwini woti mlandu unagamulidwa munthuyo asanatsegule pakamwa. A manijala sanakondwe, koma anavomera kuti ndilembe ina.

Ndisanalembe ndinatenga buku la mafuta ndi kuliwerenga mzere ndi mzere. Tsiku lililonse lolembedwa limasonyeza chigubu chimodzi cha malita 20, masiku 11 onse pamodzi, koma madeti amadumpha kuchoka pa 15 kufika pa 19 Okutobala. Failo ya bamboyo imasonyeza kuti pa 16, 17 ndi 18 anali pa tchuthi cha maliro ku Nsanje. Nditafunsa kapitawo, anandiyankha kuti masiku amenewo pampu inali yowonongeka ndipo sinalize. Ndinalemba yankho lakelo, iye nasaina. Kalaliki wa sitolo anawonjezera kuti anamva mphekesera yoti usiku wina anthu anaona zigubu ziwiri zikutuluka m'kanyumba ka mafuta, ndipo mlonda wa pageti anatsimikiza kuti zinali Loweruka pa 12.

Kalata yatsopano inatuluka Lachitatu pa 23 Okutobala, m'Chichewa, ndi ina ya Chingerezi yofanana nayo yosunga m'failo. Bamboyo kunyumba amayankhula Chisena, Chichewa amachiwerenga bwino, koma Chingerezi amangotola apo ndi apo, ndipo kalata imene munthu akufunika kukapempha mnzake kuti amumasulire sinafike kwa iye. Mbali yake yaikulu inali yotere:

"Bambo, kalata ino ndi yokudziwitsani za madandaulo awiri amene aperekedwa okhudza ntchito yanu. Palibe chigamulo chimene chapangidwa. Dandaulo loyamba: akuti pakati pa 7 ndi 21 Okutobala 2024 munachotsa malita 100 a dizilo m'kanyumba ka mafuta a pampu popanda chilolezo, kuti mugwiritse ntchito zanu. Dandaulo lachiwiri: akuti usiku wa pa 12 Okutobala munatulutsa zigubu ziwiri za dizilo osalemba m'buku la mafuta, zomwe zikutsutsana ndi malamulo a ntchito a pa famu pano. Ngati dandaulo loyamba litatsimikizika, chilango chake chikhoza kufika pochotsedwa ntchito. Dandaulo lachiwiri chilango chake ndi chenjezo lolembedwa."

Mawu akuti "akuti" ndi amene a manijala anakangana nane kwambiri, poti ankaona ngati tikufewetsa mlandu. Sindikuona choncho. Kalata ya mlandu imanena zimene munthu akunenedwa, osati zimene wachita, pakuti zimene wachita ndi zomwe komiti ikukhalira pansi kuti ipeze. Chimodzimodzinso mawu akuti khalidwe losakhulupirika, amene anali m'kalata yoyamba ija: munthu angayankhe bwanji mawu otere, kupatula kunena kuti ine ndine wokhulupirika? Koma mukamuuza malita, madeti ndi malo, amatha kukhala pansi madzulo ndi kukumbukira kumene anali tsiku ndi tsiku, ndi amene anamuona. Ndinagawanso madandaulo pawiri mwadala. Kutulutsa mafuta osalemba ndi kuba mafuta ndi milandu iwiri yosiyana kulemera, ndipo mukaiphatikiza m'chiganizo chimodzi, munthu akavomera waung'onowo amaoneka ngati wavomera zonse.

Pansi pa madandaulowo kalatayo inatchula tsiku, nthawi ndi malo omvera mlandu, Lachiwiri pa 29 Okutobala nthawi ya 8 koloko m'mawa ku ofesi ya famu, ndi maudindo a anthu atatu a mu komiti. Lamulo la Ntchito silitchula masiku amene munthu ayenera kupatsidwa kuti akonzekere, koma malamulo a ntchito a pa famu pathu amati asachepere masiku atatu ogwira ntchito, ndipo bwana amene waphwanya malamulo ake omwe amavutika kusonyeza kuti anachita chilungamo. Kenaka panabwera ufulu wake, wolembedwa poyera: kubwera ndi mnzake wa pantchito kapena nthumwi ya antchito, kubweretsa mboni zake ndi mapepala ake, kufunsa mafunso mboni iliyonse ya famu, kuyankhula m'chiyankhulo chimene akumasuka nacho, kukana membala wa komiti ngati ali ndi chifukwa, kupempha tsiku lina ngati nthawi yachepa, ndi kuchita apilo pasanathe masiku asanu ogwira ntchito atalandira chigamulo. Tinaphatikizapo masamba a buku la mafuta ojambulidwa pa makina, ndi mawu olembedwa a kapitawo, kalaliki ndi mlonda. Kuimitsidwa ntchito kunakhalapo, koma kwa malipiro onse, ndipo kalatayo inanena kuti sichilango, cholinga chake n'choti kafukufuku ayende popanda chosokoneza.

Ndinakampatsa ndekha pamaso pa nthumwi ya antchito, ndi kumuwerengera yonse mokweza. Pofika posaina anabweza dzanja, nati, "Bwana, ndikasaina apa ndiye kuti ndavomera kuba." Mantha amenewa ndi ofala kwambiri kuno, ndipo antchito ambiri amakana kusaina, kenaka n'kuwonjezeredwa mlandu wa mwano. Ndinamusonyeza mzere umene unali pamwamba pa malo osainira: "Kusaina pano kukusonyeza kuti ndalandira kalatayi pa tsiku ili, sikuti ndavomera madandaulowa." Anauwerenga yekha ndi chala, nasaina.

Nkhani ya anthu okhala mu komiti inavutanso. A manijala ankafuna kuti kapitawo akhalemo chifukwa ndiye amadziwa za kumunda, ndipo iwo eni akhale wapampando. Ndinakana zonse ziwiri. Kapitawo ndiye anapereka dandaulo ndipo anali mboni, pomwe a manijala anali atalemba kale ndi dzanja lawo kuti munthuyo ndi wakuba. Ngakhale pa bwalo la amfumu, wodandaula sakhala pa mpando wa nduna. Wapampando anakhala mayi wowerengera ndalama za famu, pamodzi ndi makaniko wamkulu ndi woyang'anira nkhokwe ya mbewu. Ine ndinali mlangizi wa ndondomeko wopanda voti, ndipo mlembi anali kalaliki wa malipiro, mtsikana wa dzanja lofulumira.

Mlembiyu ndinakhala naye pansi dzulo lake. Ndinamuuza kuti alembe amene alipo ndi udindo wa aliyense, nthawi yoyamba, nthawi yopuma ndi yomaliza, funso lililonse ndi dzina la wofunsa, yankho m'mawu a woyankha mwini, ndi pepala lililonse limene laperekedwa, alipatse nambala. Ndinamuletsa kulemba maganizo ake, monga akuti munthuyo amaoneka wamantha kapena amazemba funso. Ngati munthu wakhala chete, alembe kuti sanayankhe, basi. Kuno mu Okutobala, m'ofesi ya malata, aliyense amatuluka thukuta, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Pa tsikulo wapampando anayamba ndi kuwerenga madandaulo awiri aja, nafunsa bamboyo ngati analandira kalata, ngati anaimvetsa, ngati nthawi inamukwanira, ndi ngati ali ndi vuto ndi membala aliyense wa komiti. Mayankho onse anayi analembedwa. Mlonda atapereka umboni wake wa zigubu ziwiri, bamboyo anati, "Inde, zigubu ziwirizo ndinatulutsa ndine. A kapitawo anabwera kunyumba usiku, anati lole ya feteleza yatitimira mumchenga pamtsinje, thirakitala ipite ikaikoke koma ilibe mafuta. Ndinapereka. M'buku sindinalembe chifukwa kunali mdima, ndipo m'mawa ndinaiwala." Anafunsa mlonda ngati thirakitala inatuluka usikuwo, ndipo mlonda anati inatuluka, nawonjezera kuti zili m'buku la pageti. Kapitawo anavomera za loleyo, koma anati sankakumbukira kuti mafuta ake anachokera ku pampu.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi pa malita 60 otsalawo. Kapitawo anabwereza kuti pa 16, 17 ndi 18 pampu inali yowonongeka. Mnzake wa bamboyo, yemwe anali ataphunzira masamba a buku aja kwa masiku angapo, anapempha kufunsa, nati, "A kapitawo, kiyi anali ndi ndani achimwenewa ali ku maliro? Nanga nyemba zinali pa maluwa mlungu umenewo, zikanakhala masiku atatu osamwa madzi ndi dzuwa lino, bwenzi zilipo?" Kapitawo anayankha kuti kiyi anali ndi iye, koma pampu sinalize. Makaniko wamkulu anayamba kunena kuti iye sakukumbukira kuti anakonza pampu mlungu umenewo, ndipo apa ndinapempha wapampando kuti amuimitse. Membala wa komiti akayamba kupereka umboni wasanduka mboni, ndipo mboni siigamula. Komiti inagwirizana kuti makanikoyo atuluke mu komiti, alowe m'malo mwake wachiwiri kwa woyang'anira sitolo, ndipo mlandu uimitsidwe mpaka Lachisanu pa 1 Novembala kuti abweretse buku la pageti ndi buku la malipiro a aganyu othirira. Bamboyo anafunsidwa ngati akugwirizana ndi kusinthaku, navomera, ndipo zonsezi zinalembedwa pamodzi ndi chifukwa chake. Membala watsopanoyo anawerengeredwa kaundula yense wa tsiku loyamba asanakhale pampando.

Tisanabalalike, mlembi anawerenga mokweza zimene analemba, tsamba ndi tsamba. Pa yankho la zigubu lija, pofuna kufulumira, anali atalemba kuti woimbidwa mlandu wavomera kuti anatenga mafuta. Bamboyo anaimika dzanja nati, "Amayi, sindinati ndinatenga. Ndinati ndinapereka, atandituma a kapitawo." Wapampando anafunsa onse amene analipo, ndipo onse anagwirizana kuti ndi mmene anayankhulira. Mlembi anadula mawuwo ndi mzere umodzi kuti azionekabe, analemba mawu a bamboyo pamwamba pake, ndipo wapampando ndi bamboyo anasaina m'mphepete. Anzanga a ntchitoyi, kuwerenga mokweza kumeneku kunatenga mphindi zosakwana makumi atatu, anthu atatopa ndi kutentha ndipo ena akung'ung'udza, koma chiganizo chimodzi chija chikanatsala mmene chinalili, aliyense wowerenga kaundulayo pambuyo pake akanapezamo munthu wovomera kuba. Ndi chifukwa chake sindilola kuti kaundula akalembedwe bwino mawa lake mu ofesi kenaka n'kukasainitsa munthu kumunda. Pepala lolembedwa pamanja pa tsikulo ndilo kaundula, ndipo lotaipidwa limangotsagana nalo.

Lachisanu mabuku aja anabwera. Buku la pageti limasonyeza thirakitala ikutuluka usiku wa pa 12 ndi kubwerera mbandakucha pamodzi ndi lole. Buku la aganyu limasonyeza anthu othirira atalipidwa pa 16, 17 ndi 18, ndipo amene anasainira kuti agwiradi ntchito anali kapitawo yemweyo. Makaniko, tsopano monga mboni, ananena kuti pampu inavuta m'mawa wa pa 16 ndipo inakonzedwa dzuwa lisanafike pamutu. Mlembi atawerenga mawu a kapitawo a Lachiwiri, kapitawoyo anati anasokoneza madeti, ndi kuti anathira yekha chigubu chimodzi tsiku lililonse koma sanalembe poganiza kuti mwini buku adzalemba akabwera. Masiku atatu a malita 20 ndi malita 60. Kuphatikiza ndi 40 a thirakitala, malita 100 onse anapezeka, ndipo palibe lita imene inatuluka kunja kwa ntchito ya famu.

Pa tsiku lomwelo panatulukanso nkhani ina. Mlonda ananena mwangozi kuti nthawi zina bamboyo amasiya kiyi pageti akamapita kukadya nsima, zomwe malamulo a famu amaletsa. Membala wina anafuna kuti zimenezi ziwerengedwe popereka chilango. Ndinalangiza kuti ayi, chifukwa nkhaniyi sinali m'kalata ndipo munthuyo sanabwere atakonzekera kuiyankha. Ngati famu ikuiona yolemera, ilembe kalata ina ndi kupereka masiku ena. Kaundula anasonyeza kuti nkhaniyi inatchulidwa ndipo komiti sinaigwiritse ntchito.

Komiti isanakambirane payokha, wapampando anapatsa bamboyo mwayi wa mawu omaliza ndi wonena chilichonse chopepuza chilango. Anatchula zaka zake zisanu ndi chimodzi zopanda chenjezo, ndi kuti anadzutsidwa usiku ndi mkulu wake. Kalata ya chigamulo inatuluka Lolemba pa 4 Novembala, ndipo inayankha dandaulo lililonse palokha. Loyamba silinatsimikizike, ndipo kalatayo inatchula mabuku awiri aja ndi masamba a kaundula amene komiti inadalira. Lachiwiri linatsimikizika mwa kuvomera kwake, ndipo chilango chinali chenjezo loyamba lolembedwa, la miyezi isanu ndi umodzi. Gawo 56 la Lamulo la Ntchito limalola chenjezo lolembedwa, kuimitsa ntchito ndi kutsitsa udindo, ndipo poyeza ngati chilango n'choyenera limayang'ana kukula kwa cholakwa, ndondomeko imene inatsatidwa, zimene zinawonongeka ndi mbiri ya munthuyo. A manijala anafunsa ngati tingamudule mtengo wa malita 40 pa malipiro ake. Gawo lomwelo limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, ndipo ngakhale limalola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchito wawononga, apa panalibe chowonongeka, pakuti mafutawo anakoka lole ya famu yomwe. Sitinadule.

Bamboyo anabwerera ku pampu tsiku lotsatira, koma anachita apilo pa chenjezo lija, ponena kuti sichilungamo kuti iye alangidwe pa ntchito imene anatumidwa. Apilo anaimva mmodzi wa eni famu, yemwe amakhala ku Blantyre ndipo sanakhalepo pa zokambirana zonse ziwiri. Anatsika ku Thabwa atawerenga kale kalata ya mlandu, masamba a kaundula ndi kalata ya chigamulo, ndipo anamva bamboyo pamaso pa mnzake yemwe uja. Anasiya chenjezo mmene linalili, chifukwa kulemba m'buku unali udindo wa woyang'anira pampu ngakhale atatumidwa, koma anafupikitsa nthawi yake kukhala miyezi itatu poona kuti lamulo linachokera kwa mkulu wake usiku. Analamulanso kuti kalata ya chigamulo choyeretsa bamboyo pa mlandu wakuba iwerengedwe pa msonkhano wa m'mawa wa antchito ngati mwini wake akufuna, poti mbiri inali itafika kale kumudzi kwake. Bamboyo anafuna, ndipo inawerengedwa.

Kapitawo analandira kalata yakeyake mlungu womwewo, ya madandaulo awiri: kutulutsa malita 60 osalemba, ndi kupereka mawu osoona kwa komiti. Inalembedwa ndi "akuti" yemweyo, ndi masiku omwewo okonzekera, ndi ufulu womwewo, ndipo mu komiti yake simunakhale aliyense wa amene anamva mlandu woyamba. Anapezeka wolakwa pa onse awiri ndipo anapatsidwa chenjezo lomaliza. Buku la mafuta linasinthidwa kuti tsiku lililonse likhale ndi mzere wake, ngakhale tsiku limene pampu sinalize, ndipo kiyi akamachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina, onse awiri amayeza madiramu ndi kusaina. Za kiyi wosiyidwa pageti famu sinalembe kalata, inangokhoma kabokosi kotseka ku ofesi komwe kiyi amasungidwa nthawi ya nkhomaliro.